Ana 105, mphindi 35: magulupu kapena choko?

Tsiku lina nditaweruka ndinatenga pepala nkuchita kasamu kamene kanandisokoneza mutu sabata yonse. Kalasi yanga ya Sitandade 5 inali ndi ana 105, piriyodi imodzi ndi mphindi 35, nde ukagawa mphindizo kwa mwana aliyense zimabwera masekondi 20. Masekondi 20 basi, ndipo apo ndiye kuti sindinapereke moni, sindinalembe deti pa bolodi, palibe wapempha kupita panja, palibe amene waberedwa pensulo. Chiyambire tsiku limenelo munthu akamandiuza za kaphunzitsidwe kabwino, kaya ndi wa lena senta kaya ndi wa titcha senta, ndimayamba ndamufunsa mumtima kuti kodi njira yakeyo ikwana bwanji mu masekondi 20 aja.

Kwa amene simuli mu ntchito yathuyi, nkhani yake ili chonchi. Titcha senta ndi ija tonse tinakulira, mphunzitsi kutsogolo ndi choko, amafotokoza, amalemba, ana amamvetsera nkukopera. Lena senta imati ayi, mwana si botolo loti uzingothiramo madzi, muloleni afufuze yekha, akambirane ndi anzake, agwire zinthu, mphunzitsi angokhala wotsogolera. Ku koleji ndi ku mawekishopu yachiwiriyi ndi imene imatamidwa, yoyambayo imatchulidwa ngati tchimo, mpaka mphunzitsi amachita manyazi kunena kuti lero ndafotokoza mphindi khumi ana ali chete. Ine ndayesa zonse ziwiri pa phunziro limodzi lomwelo, kuphatikiza mafulakishoni a nambala zapansi zosiyana, ndipo zonse ziwiri zinandigwetsa, kungoti zinandigwetsa mosiyana.

Ndiyambe ndi tsiku la magulupu chifukwa ndi limene ndinalikonzekera ngati ukwati. Kunkabwera woyendera sukulu, nde lesoni pulani ndinailemba mwaluso, ndinadula timapepala tatitali toti ana apinde, gulupu iliyonse ipeze yokha kuti 1/2 + 1/3 ndi chiyani. Mphindi 5 zoyambirira ndinakumbutsa za dzulo. Kenako ndinati khalani m'magulu, ndipo apa ndi pomwe nthawi inayamba kudontha, chifukwa ana 105 m'chipinda chomwe chinamangidwira mwina theka la anawo satembenuka ngati anthu asanu, wina waponda kope la mnzake, wina akukana kukhala ndi uje, zinadya mphindi 6. Magulupu anali khumi, ena a ana khumi ena a ana 11. Ndinawapatsa mphindi 12 zogwira ntchito, ndiye kuti ineyo pa gulupu iliyonse ndinali ndi kamphindi kamodzi ndi timasekondi pang'ono, ndipo magulupu atatu akumbuyo sindinawafike nkomwe chifukwa panalibe poponda. Zinatsala mphindi 12 zoti magulupu apereke malipoti, iliyonse inkadya mphindi zitatu, anayi okha ndi amene analankhula belu nkulira.

Woyendera uja anasangalala, analemba kuti ophunzira anatenga nawo mbali. Koma ine ndinali nditaona zomwe zinkachitika mkati mwa magulupuwo. Pa ana khumi, pepala linali m'manja mwa mmodzi, amene aliyense amadziwa kale kuti ndi wanzeru, awiri amasuzumira paphewa pake, otsalawo anali kunja kwa bwalo, ena akucheza za mpira ena akungoyang'ana kudenga. Si kuti ndi ana amwano ayi, mitu khumi singazungulire kapepala kamodzi, ngakhale akuluakulu pa msonkhano mukawaika khumi pa tebulo amalankhula atatu. Ndipo chimene chinandiwawa kwambiri, magulupu asanu ndi awiri mwa khumi aja analemba 2/5. Anaphatikiza zapamwamba 1 ndi 1, zapansi 2 ndi 3, ndipo anagwirizana bwinobwino mwaufulu wawo wonse. Amati mutu umodzi susenza denga, zoona, koma mitu khumi yosadziwa kumene denga likupita imangoligwetsera limodzi kumbali, ndipo choipa chake nchoti tsopano 2/5 uja anakhazikika, chifukwa anamupeza okha ndipo anzawo anavomereza.

Chaka chotsatira, kalasi ina koma kuchuluka komweko, ndinati zamagulupu ndasiya. Ndinaima kutsogolo ndi choko changa, ndinafotokoza kuti timayamba tapeza nambala yapansi yofanana, ndinachita zitsanzo zitatu pa bolodi mwaukhondo, ndipo ndinkafunsa monga timafunsira tonse, nambala yapansi ikhale yofa...? Kalasi yonse: ...nanaaa! Tikugawa sikisi ndi thuu tipeza...? Filiii! Mwamva? Eeee! Kunena zoona zimakoma, kalasi imamveka ngati kwaya ndipo umatuluka ukudzimva kuti ndiwe mphunzitsi. Madzulo nditatsegula makope ndinapeza 2/5 yemwe uja akundidikirira, osati mwa onse koma mwa ambiri ndithu, makamaka a kumbuyo ndi a m'mbali mwa khoma.

Kuyankha kwa kwaya kuja kumanama chifukwa chake ndi chophweka. Ana 15 kapena 20 akutsogolo amene amva amayamba mawu, enawo amalowa pa silabulo yachiwiri, ndipo khutu la munthu silingasiyanitse pakati pa ana 100 odziwa ndi ana 20 odziwa kuphatikiza 80 otsatira. Ndipo funso loti mwamva lilibe yankho lina koma eee, ndi mwana uti angaimirire pakati pa anzake 104 nkunena kuti ine sindinamve aphunzitsi. Paulo Freire, katswiri wa maphunziro wa ku Brazil, mu 1968 anafanizira kaphunzitsidwe kotere ndi banki, mphunzitsi kumangosungitsa zinthu m'mutu mwa mwana kuti adzazitape pa mayeso. Ine ndimaona kuti mu kalasi yodzadza zimaposa pamenepo kuipa, chifukwa ku banki umalandirako risiti, pomwe ife timasungitsa osadziwa ngati ndalamayo yalowa.

Nde apa ndi pomwe ndinayamba kuona kuti mkangano wathu uja, woti azilankhula ndani pakati pa mphunzitsi ndi ana, ukuphonya. Masiku onse awiri vuto linali limodzi. Ana amene ankaganizadi za samuyo anali pafupifupi 20 okha, tsiku loyamba anabisala m'magulupu ngati alembi, tsiku lachiwiri anabisala mu kwaya ngati oyambitsa nyimbo, ndipo masiku onse awiri ine ndinadziwa mochedwa, belu litalira kale. Mafunso amene ndimafunsa njira iliyonse pano ndi awiri okha, pa mphindi ino ndi ana angati akuganiza za chinthu chimene ndikufuna aphunzire, ndipo ndidziwa liti kuti asokonekera.

Ndisanafike pa zomwe ndimachita tsopano ndinene kaye chilungamo pa mbali zonse, chifukwa sindikufuna kumveka ngati mdala wodana ndi zatsopano. Maganizo a lena senta si opusa. John Dewey, katswiri wa maphunziro wa ku America, atatsegula sukulu yake yoyeserera ku Chicago mu 1896 ankafuna ana aphunzire pochita zinthu zenizeni, ndipo anali ndi mfundo, koma sukuluyo inayamba ndi ana osakwana 20. Ngakhale kafukufuku wotchuka wa kukula kwa makalasi, uja anachitika ku Tennessee ku America kuyambira 1985, ankafananiza makalasi a ana 13 mpaka 17 ndi makalasi a ana 22 mpaka 25, ndiye kuti kalasi imene iwo ankaitcha yaikulu kwa ine ndi magulupu awiri chabe. Njira yofufuza wekha imadalira chinthu chimodzi chimene sichitchulidwa kawirikawiri, choti mphunzitsi ali pafupi, akuona mwana akupatuka ndipo amuponyera kafunso kamodzi komubweza msanga. Lev Vygotsky, katswiri wa kaphunziridwe ka ana amene a lena senta amakonda kumutchula, mfundo yake inali yoti mwana amakwera sitepe ina akathandizidwa ndi wina wodziwa kuposa iye. Mukachotsa wodziwayo, kapena mukamugawa pa ana 105, chotsala si lena senta, ndi ana osiyidwa okha. Michele Schweisfurth, wofufuza za maphunziro, mu 2011 anasanthula zolemba 72 za kuyesa njira imeneyi m'maiko osauka, ndipo nkhani zambiri zinali za kulephera kuikhazikitsa, zifukwa zake zomwe zija, makalasi odzadza, kusowa zipangizo, aphunzitsi ophunzitsidwa mothamanga, ndi mayeso amene akufunsabe zoloweza.

Palinso chifukwa china chimene sichikhudza kuchuluka kwa ana koma mmene mutu umagwirira ntchito. Munthu akakumana ndi chinthu chatsopano amatha kugwira tinthu tochepa kwambiri m'maganizo nthawi imodzi. Mwana amene ndamupatsa kapepala kuti apeze yekha 1/2 + 1/3 akuyenera kukumbukira kuti fulakishoni ndi chiyani, kupinda pepala mofanana katatu zomwe ngakhale ine zimandivuta, kumva zomwe mnzake akunena mu phokoso, komanso kuganiza chinthu chimene anthu akale anatenga nthawi kuti achitulukire. John Sweller wa ku Australia ndi anzake m'zaka za m'ma 1980 anaonetsa ndi masamu a alijebula kuti oyamba kumene amaphunzira msanga akaona zitsanzo zosovedwa kale sitepe ndi sitepe kusiyana ndi kungopatsidwa mafunso kuti alimbane nawo. Koma kafukufuku wa mbali yomweyo anapezanso kuti munthu akayamba kudziwa zimatembenuka, zitsanzo zija zimayamba kumutayitsa nthawi ndipo amapindula kwambiri akamalimbana yekha. Ndiye funso si loti njira yabwino ndi iti kwa muyaya, koma kuti mwanayu ali pati pa mutu umenewu lero.

Chigamulo changa nchakuti pa chinthu chatsopano, mu kalasi ya ana 100, mphunzitsi afotokoze, asachite nazo manyazi. Koma afotokoze mwachidule, ndipo asapitirire asanaone ndi maso ake yankho la mwana aliyense. Ndipo pa zonse za lena senta, chimene chimapulumuka mu kalasi yodzadza si gulupu, ndi awiriawiri.

Phunziro lomwe lija la mafulakishoni pano ndimaliyendetsa chonchi. Mphindi 4 zoyamba ndimafunsa zimene phunziroli laimapo, osati mwamwambo chabe koma zenizeni, theka ndi magawo angati mwa 6, 1/3 ndi magawo angati mwa 6, chifukwa mwana amene sakudziwa kuti 1/2 ndi chimodzimodzi 3/6 palibe chimene atolepo kutsogoloku. Kenako mphindi 8 ndi zanga, ndipo ndimawauza kuti mapensulo pansi, chifukwa mwana akamakopera samvetsera, dzanja ndi khutu sizigwira ntchito limodzi pa msinkhu umenewu. Ndimajambula mabokosi awiri aatali ofanana, lina pansi pa linzake, akuluakulu kuti wakumbuyo aone. Loyamba ndimaligawa pawiri nkudetsa gawo limodzi, lachiwiri ndimaligawa patatu nkudetsa gawo limodzi. Ndimafunsa kuti zidutswa ziwirizi nzofanana kukula? Ayi. Nde tingaziwerenge bwanji limodzi ngati sizofanana? Apa ndimadula mabokosi onse awiri kukhala magawo 6, ana amaona okha kuti theka lija lasanduka tizidutswa titatu, chinacho tiwiri, zonse pamodzi tisanu, ndipo pambali ndimalemba 3/6 + 2/6 = 5/6. Ndimachita chitsanzo chachiwiri, 1/2 + 1/5, ndikulankhula zomwe zili m'mutu mwanga mokweza, kuti ndikufuna nambala imene 2 amalowamo komanso 5 amalowamo, 10, nde 5/10 ndi 2/10, zonse 7/10. Ziwiri basi. Kale ndinkachita zinayi kapena zisanu poganiza kuti ndikuthandiza, osadziwa kuti pofika chachitatu theka la kalasi lachoka kale m'maganizo.

Tsopano pakubwera funso limene phunziro lonse limazungulirapo, ndipo ndimalikonza usiku wake chifukwa silopeka pompo. Ndimalemba 1/3 + 1/4 ndi mayankho anayi, loyamba 2/7, lachiwiri 7/12, lachitatu 2/12, lachinayi 1/12. Mayankho olakwawo sindinangowatola, lililonse ndi matenda ake. Wosankha 2/7 akuphatikizabe zapamwamba pazokha ndi zapansi pazokha, sanamve chilichonse cha zidutswa zofanana. Wosankha 2/12 wamva theka la nkhani, wapeza 12 koma waiwala kuti zapamwamba nazo zisinthe. Wosankha 1/12 wachita taimusi kapena wachotsera. Ndimawauza kuti palibe kukweza dzanja, palibe kulankhula, aliyense asove pa kope lake mphindi ziwiri, kenako ndikawerenga mpaka katatu aliyense aonetse zala pachifuwa, chala chimodzi yankho loyamba, ziwiri lachiwiri, choncho. Pachifuwa osati m'mwamba, chifukwa zikakhala m'mwamba akumbuyo amangoona za akutsogolo nkutengera, timabwerera ku kwaya ija. Masileti amaposa zala ngati alipo, koma zala sizisowa ndipo sizibedwa.

Mphindi ziwiri za chete zija poyamba zinkandivuta ine kuposa ana, ndinkamva ngati sindikugwira ntchito. Mary Budd Rowe, wa ku America, atajambula mawu m'makalasi ambiri cha m'ma 1970 anapeza kuti aphunzitsi amadikira pafupifupi sekondi imodzi yokha akafunsa funso, ndipo akadikira masekondi atatu kapena kuposa mayankho amatalika komanso ana ambiri amayesa. Mu kalasi ya ana 105 sekondi imodzi ndi mpikisano umene opambana ake amadziwika chaka chisanayambe.

Zala zikaonekera sindiwerenga mmodzimmodzi, nthawi yake palibe, ndimangosesa ndi maso mzere ndi mzere, ndipo ndimayamba kumbuyo. Zimene ndaona ndi zimene zimalamula chochita. Ngati pafupifupi onse aonetsa ziwiri, ndimatchula mwachangu chifukwa chake ndi 7/12 nkuwapatsa ntchito. Ngati olondola ndi ochepa kwambiri, osakwana mmodzi mwa atatu aliwonse, sindiwauza kuti akambirane ayi, chifukwa amangopatsirana matenda ngati magulupu anga aja, ndimabwerera pa bolodi ndi chojambula china. Koma zikakhala pakatikati, monga zimakhalira nthawi zambiri, mwina theka aonetsa ziwiri ndipo enawo agawanika pakati pa 2/7 ndi 2/12, apo ndiye pokoma. Sindiwauza yankho. Ndimati tembenukira amene wayandikana naye, muuze chifukwa chimene wasankhira yankho lako, muli ndi mphindi ziwiri. Palibe kusuntha desiki, palibe kusankha mlembi, zimatenga masekondi asanu kuyamba, ndipo pakamwa 52 pakulankhula nthawi imodzi m'malo mwa khumi. Pa anthu awiri palibe pobisala, ukakhala chete mnzako amakuyang'ana. Njira iyi si yanga, Eric Mazur amene amaphunzitsa fizikisi ku Harvard anaiyamba chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 m'makalasi akuluakulu a ku yunivesite, ataona kuti ophunzira ake amakhoza kusova ndi mafomula koma mafunso osavuta ofuna kumvetsa amalakwa. Chimene chimandisangalatsa nchoti inabadwira mu chipinda chodzadza, osati mu kakalasi ka ana 15.

Pa mphindi ziwirizo ndimalowa pamene ndingathe kuponda nkumamvetsera. Tsiku lina ndinamva kamtsikana kena, kosalankhulalankhula, kakuuza mnzake amene anasankha 2/7 kuti, iwe, 1/3 ndi tiwiri pa sikisi, nde wawonjezerapo zina ukupeza tiwiri pa seveni, zachepa bwanji ukuwonjezera? Ine mfundo imeneyo sindinaiphunzitse tsiku limenelo. Ndinaimitsa kalasi nkumupempha abwereze, anachita manyazi, nde ndinainena ine nkutchula kuti yachokera kwa iye. Apa ndi pomwe ndimavomereza a lena senta ndi mtima wonse, mwana amene wangomvetsa kumene amakumbukira pamene panamuvuta, pomwe ine ndinaiwala kalekale kuti mafulakishoni anandivutapo. Koma onani kuti kamtsikanako kanatha kunena zimenezo chifukwa kanali kataona kale mabokosi aja pa bolodi, kanali ndi chogwirira.

Tikavotanso kachiwiri zala ziwiri zimachuluka, ndimafotokoza mwachidule chifukwa 2/12 ndi wolakwa, ndipo mphindi khumi zotsala aliyense amasova yekha masamu asanu, atatu ofanana ndi zitsanzo, awiri ovutirapo kuti othamanga aja asayambe kusokoneza. Mukawerenga, ine ndalankhula mwina mphindi 14 pa 35. Woyendera sukulu wokonda magulupu akhoza kulemba kuti titcha senta, mphunzitsi wachikale akhoza kunena kuti phokoso lachuluka, kaya, dzina lake sindilidziwa ndipo ndinasiya kulifuna.

Za kuchonga ndinene pang'ono chifukwa ndi pamene ambiri timafera. Makope 105, ngakhale utathamanga theka la mphindi pa kope, ndi mphindi zoposa 50 pa phunziro limodzi, ndipo pa tsiku pali maphunziro angapo. Nde chimachitika nchoti ana amafola pa tebulo ndi makope, mphunzitsi akuchonga, kalasi yonse yaima, phunziro lasanduka mzere. Ine pano mayankho timachongera limodzi, asinthana makope, kenako ndimatenga makope 12 okha, anayi kutsogolo anayi pakati anayi kumbuyo, tsiku lililonse a ana ena, ndipo sindiyang'ana kuti akhoza zingati koma kuti alakwa motani. Ndikapeza 2/12 wamtundu uja m'makope asanu mwa 12 ndimadziwa poyambira mawa. Amabera pochongerana? Eya, ena amabera, nchifukwa chake makope 12 aja ndimayang'ana njira osati chizindikiro cha cholembera chofiira.

Sikuti magulupu ndinawataya kotheratu. Amagwira ntchito pamene ana ali kale ndi kanthu m'manja ndipo ntchitoyo ikufunadi manja ambiri, monga kuyeza utali ndi mulifupi wa bwalo, wina agwire chingwe uku wina uko wina awerenge wina alembe, ana anayi aliyense ndi chochita chake, ndipo panja pamene pali malo. Kapena kusanja masamba a zomera m'mitundu, kapena kukonza kasewero. Muyeso wanga ndi woti ngati mwana mmodzi angathe kuimaliza ntchitoyo yekha, ndiye kuti aimalizadi yekha enawo akuonerera. Ndipo gulupu ikapitirira anayi ndimadziwa kuti ndayamba kudzinamiza. Malipoti a gulupu iliyonse kutsogolo ndinasiya, ndi mphindi zambiri zoti ana 100 azimvera mnzawo akuwerenga motsitsa mawu zinthu zimene mwina nzolakwa.

Ena amati bwanji osangotenga ana anzeru aja nkuwasandutsa aphunzitsi aang'ono, aliyense ndi kagulu kake. Zinayesedwapo kalekale. Joseph Lancaster anatsegula sukulu ku London mu 1798 kumene mphunzitsi mmodzi ankayang'anira ana mazanamazana kudzera mwa mamonita, iye amaphunzitsa ana okulirapo, iwo nkukaphunzitsa anzawo. Inafala kwambiri chifukwa inali yotchipa, koma patapita zaka makumi angapo inazilala, ndipo chimodzi mwa zifukwa zake nchoti monita amatha kupatsira zoloweza zokha, kufotokoza chifukwa chake sangathe. Ine mamonita ndimawagwiritsa ntchito pa zobwereza, matebulo a taimusi, kumvetsera mnzawo akuwerenga, koma osati pa chinthu chatsopano, komanso osati tsiku lililonse chifukwa nayenso mwana wanzeruyo anabwera kudzaphunzira, sanalembedwe ntchito.

Pali pamene njira yanga imathera ndipo sindikufuna kubisa. Zala zimafuna funso la mayankho osankha, nde pa chimangirizo kapena pa kuwerenga mokweza sizithandiza kwenikweni, mwana aliyense amafunika khutu lake ndipo masekondi 20 aja amabweranso. Kukonza funso labwino lokhala ndi mayankho olakwa otanthauza kanthu kumafuna kuti mphunzitsi aidziwe bwino samuyo komanso adziwe mmene ana amalakwira, ndipo ichi ndi chinthu chimene wekishopu ya masiku atatu singakupatse, chimabwera ndi zaka zoyang'ana m'makope. Ndiponso milungu iwiri yoyamba ndi nkhondo, ana sanazolowere, ukati kambiranani amayamba nkhani zawo, ukati siyani sasiya, umayenera kuphunzitsa chizindikiro chosiyira ngati phunziro palokha, ine ndimaomba m'manja kawiri iwo nkuyankha katatu, ndipo tinabwereza mpaka kutopa tisanayambe kuchigwiritsa ntchito pa masamu.

Koma chachikulu chimene chimandisowetsa tulo ndi ana ena pafupifupi 20 amene ngakhale titavota kachiwiri zala zawo zimangosinthasintha, lero chimodzi mawa zinayi. Nditawaitana padera ndinapeza kuti vuto lawo si mafulakishoni nkomwe, sadziwa kuti 3 taimusi 4 ndi 12, ena kuwerenga funso lenilenilo sangathe, anangokwezedwa kalasi ndi kalasi. Kwa ana amenewa mkangano wonse wa lena senta ndi titcha senta ndi wa anthu ena, ndifotokoze ine kapena afotokoze mnzawo, phunzirolo lili masitepe atatu pamwamba pa mutu wawo. Bungwe la Pratham ku India linayamba njira yoika ana m'magulu motengera zimene akudziwa osati kalasi imene ali, kwa kanthawi kena pa tsiku, nkuwaphunzitsa kuyambira pamene alidi, ndipo itayesedwa inaonetsa kuti imathandiza pa kuwerenga ndi masamu oyambira. Zimenezo mphunzitsi mmodzi payekha sangazichite bwino, zimafuna sukulu yonse igwirizane kusintha taimutebulo, ndipo silabasi imene ikukuthamangitsa kuti umalize mitu yonse mayeso asanafike siikupatsa mpata.

Pakadali pano chimene ndakwanitsa ndi chaching'ono. Ana 20 aja ndinawachotsa kumbuyo nkuwaika mizere iwiri yoyamba, anzeru aja ndinawamwaza pakati ndi kumbuyo kuti aliyense wovutika mwa otsalawo akhale ndi woyandikana naye wodziwako, ndipo makolo awiri anabwera kudzadandaula kuti mwana wawo wabwezedwa kumbuyo ngati chilango. Lachiwiri ndi Lachinayi, enawo akamasova masamu asanu aja, ine ndimagwada kutsogolo ndi gulu limeneli ndi timiyala, tikupanga milu itatu ya timiyala tinayi, mphindi zisanu ndi zitatu basi. Teremu yatha, asanu ndi mmodzi mwa iwo anayamba kuonetsa zala ziwiri pa chifukwa chenicheni, ndinawafunsa mmodzimmodzi kuti nditsimikize. Enawo tikadali pa tebulo ya 4.